Khutu likamawawa usiku: mafuta, zitsamba, palafini kapena panado?

Khutu lili ndi khalidwe loipa, limakonda kuyamba kuwawa usiku pomwe chipatala chili kutali, njinga yakabaza kulibe, ndipo aliyense m'nyumbamo wasanduka dokotala. Wina akuti tenthetsani mafuta ophikira pa supuni, agogo akuti kathyoleni masamba aja kuseri kwa bafa tifinyiremo, aneba akuti iwo amangodonthezamo palafini basi mawa mwana amadzuka akusewera. Ine ndakulira momwemo ndipo ndinathiridwapo mafuta a nkhuku ndili mwana, nde sindikunyoza munthu ayi. Koma tiyeni tiziyike pambalimbali njirazi tione kuti iliyonse ikalowa m'khutumo imakachita chani kwenikweni.

Poyamba pali kanthu kamodzi koti tigwirizane, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Khutu si botolo loti lili ndi pansi polimba. Kabowo kamene timakaona kunjaku kamalowa mkati pafupifupi masentimita 2.5 mwa munthu wamkulu, kwa mwana nkofupikirapo, kenako kamathera pa kachikopa kopyapyala zedi, kupyapyala kwake ngati khungu la anyezi lija, kukula kwake sikaposa sentimita imodzi. Kachikopa kameneka ndi kamene kamanjenjemera mawu akafika. Kuseri kwake kuli kachipinda ka mpweya komwe kuli timafupa titatu ting'onoting'ono totumiza mawu mkati, pafupi pomwepo pamadutsa mtsempha woyendetsa nkhope, ndipo denga la kachipindako ndi fupa lopyapyala, pamwamba pake ndi ubongo. Kachikopa kakakhala kabwinobwino, chomwe mwathira chimathera panjira. Kakabooka, chomwe mwathira chimalowa m'chipinda muja. Vuto nlakuti inu muli panyumba ndi tochi ya pafoni simungaone ngati kabooka kapena ayi. Ngakhale adokotala amafunika kachipangizo kounikira kaja kuti aone.

Ndipo kuwawa kwa khutu kwa ana ambiri sikuchokera kunja kuno. Pali kanjira kochokera kuseri kwa mphuno kupita m'kachipinda kaja, kwa ana nkakafupi komanso kogona chopingasa, nde mwana akadwala chimfine kanjirako kamatsekeka, tizilombo timakwera, mafinya amadzaza kuseri kwa kachikopa nkumakakankha. Ululu wake ndi umenewo. Mafinyawo ali mkati, chitseko nchotseka, inu mukuthira mankhwala panja pa chitseko. Sangafikeko. Tsiku lomwe angafikeko ndi tsiku lomwe chitsekocho chang'ambika, lomwenso ndi tsiku loti simukuyenera kuthiramo kanthu.

Palafini tithane naye msanga chifukwa palibe zokambirana zambiri. Ameneyu ndi mafuta a koloboyi ndi mbaula, ndipo amene anachapapo nawo girizi m'manja akudziwa momwe khungu limaumira nkutuwa pambuyo pake. Amasungunula mafuta achilengedwe a pakhungu. Khungu la m'khutu nlopyapyala kwambiri, chamkati lakhala pafupa penipeni popanda mnofu, nde palafini akakhalamo usiku wonse limapsa, limatupa, nthawi zina limachita matuza nkusupuka, kabowo kamachepa. Kachikopa kakakhala kobooka amalowa mkati kukawotcha malo anthete kuposa pamenepo, ndipo kumva kukawonongeka kuchokera mkatikati sikubwereranso. Anthu amati amathandiza chifukwa kuwawa kumasintha, kuja kogunda kumaphimbika ndi kuwotcha, kapena kachikopa kaphulika kokha usiku womwewo ululu nkutsika, ulemu nkupita kwa palafini. Palinso chisokonezo china chomwe ndinachimvapo, munthu kunena kuti "komatu ku famase amagulitsa palafini wamankhwala". Eya alipo mafuta oyera opanda fungo amene dzina lake limafanana, koma ndi chinthu china, choyeretsedwa, si wa pa filing'i siteshoni kapena wa m'kabotolo ka pa golosale ayi. Dzina lokha ndi lomwe likufanana. Mafuta a buleki, petulo, sipiriti, zonsezi zili gulu limodzi ndi palafini wa nyale.

Zitsamba nde pamafunika kukhalapo pang'ono chifukwa apa mpamene mitima ya anthu ili. Madzi a anyezi, adyo wosinja, nimu, madzi a fodya, masamba owawula pamoto nkufinyira, ena mpaka mkaka wa m'mawere. Ine sindikutsutsa kuti zomera zina zili ndi mphamvu, mankhwala ambiri a kuchipatala anachokera ku zomera. Koma funso langa limakhala loti mphamvuyo njochuluka bwanji mu dontho lomwe mwafinyalo, ndipo mwalowa chani china. Tsamba lathyoledwa kuseri kwa nyumba komwe nkhuku zimapalasa, lasinjidwa mu kamtondo kosinjira tsabola, lafinyidwa ndi kansalu ndi manja. Pabala la pamwendo mwina thupi lingalimbane nazo, koma m'khutu ndi malo otsekeka, ofunda, amdima, tizidutswa ta masamba tikatsaliramo sitituluka tokha. Timanyowa nkuyamba kuwola, ndipo nkhungu imakonda malo otero, ija imamera pa nsima yogona masiku. Khutu la nkhungu limayabwa koopsa, limamveka lodzaza, ndipo akaunika amapeza zoyera ngati thonje lonyowa kapena timadontho takuda. Kuchiza kwake nkwa masabata, mpaka akalipukute kuchipatala.

Adyo yekha amawotcha, ikani wosinja pakhungu la dzanja kwa maola angapo muone chomwe chimachitika. Fodya ndi poizoni amene amalowa kudzera pakhungu, kwa kamwana si zoseweretsa. Ndipo chomwe anthu ambiri sadziwa nchakuti khutu lotuluka mafinya ndi khomo limodzi lomwe kafumbata amalowera mwa ana, tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, nde chilichonse chokhudzana ndi dothi kapena phulusa kuchiika m'khutu lobooka nkuika moyo pachiswe, makamaka mwana amene katemera sanamalize.

Pali vuto linanso la zitsamba lomwe silioneka ngati vuto. Mukapita kuchipatala mawa lake, adokotala akaunika amangoona zobiriwira zokhazokha, kachikopa sikakuoneka, sangadziwe ngati ali mafinya kapena ndi msuzi wa masamba. Ndiye ngati mwathira kale, nenani. Musachite manyazi kuti akukalipirani, kukalipiridwa kumatha koma iwo akufunika adziwe chomwe chili mmenemo.

Mafuta ophikira ndi amene ali ndi nkhani yovutirapo, chifukwa apa sindinganame kuti nthawi zonse ndi oipa. Pali nthawi ziwiri zomwe mafuta oyera amagwira ntchito ndipo achipatala nawo amavomereza. Yoyamba ndi phula la m'khutu likauma nkutseka, munthu akumva ngati ali m'madzi koma palibe ululu weniweni, palibe mafinya, thupi silikutentha. Madontho awiri kapena atatu a mafuta a olivi kawiri patsiku kwa masiku angapo amalifewetsa. Yachiwiri ndi kachilombo kakalowa, mphemvu kapena kagulugufe, kakupalasa mkatimo munthu akuchita kufuna kupenga. Mumagoneka munthuyo khutulo kumwamba, kuthiramo mafuta ophikira atsopano a m'botolo, kachilombo kamafa chifukwa chosowa mpweya, phokoso limatha, kenako mawa mukachotsetse kuchipatala. Koma zonse ziwirizi zili ndi lamulo limodzi, khutulo likhale loti silinatulukepo mafinya kapena magazi, silinachitidwepo opaleshoni, ndipo munthuyo sanauzidwepo kuti kachikopa kake nkobooka.

Onani kuti pa ziwirizi palibe pomwe mafuta akuchiza matenda. Akufewetsa phula, akupha mphemvu, basi. Pa khutu la chimfine lija mafuta ofunda amangopereka kutonthoza kwa mphindi zochepa chifukwa cha kufundako, zomwe kansalu kofunda kogwiritsa kunja kwa khutu kangachitenso popanda chiopsezo. Ndipo kutenthetsako nkomwe kumapweteketsa ana. Supuni pa makala imatentha msanga, mayi amayesa ndi chala chomwe chazolowera kugwira mapoto, iwo akumva kufunda pomwe khungu la m'khutu mwa mwana likupsa. Akazizira kwambirinso ndi vuto lina, chamadzimadzi chozizira kapena chotentha chikakhudza mkatimo chimasokoneza mbali ya khutu yomwe imatithandiza kuima bwino, munthu amachita chizungulire mpaka kusanza. Mafuta okazingira kale nsomba kapena tchipisi, a nkhuku osungidwa m'kabotolo miyezi, a nsatsi oyenga pakhomo, amenewa ngakhale pa mphemvu ayi.

China, mwana akalowetsa njere ya chimanga kapena nyemba m'khutu musathiremo madzi kapena msuzi wa masamba, njere imafufuma nkuthina kwambiri. Kabatire kozungulira ka wotchi kapena ka zidole nde koopsa zedi, kakanyowa kamawotcha mnofu m'maola ochepa, kameneko nkothamanga nako nthawi yomweyo, khutu louma.

Ndikuuzeni za mwana wa achemwali anga, chifukwa ndinaziona ndi maso. Kamnyamata ka zaka zinayi, kanali ndi chimfine pafupifupi sabata, mamina osatha. Lachiwiri usiku kanayamba kulira kakugwira khutu lakumanja, thupi motomoto. Agogo ake anatenthetsa mafuta nkuthiramo, kanagona pang'ono, kenako kanadzukanso. Lachitatu usiku chimodzimodzi. Lachinayi mmawa pa pilo panali banga lachikasu losakanikirana ndi timagazi ndipo mwana anali phee, akudya phala bwinobwino. Aliyense anasangalala, "mwaona, mafuta aja akoka zoipa zonse." Chomwe chinachitika nchakuti kachikopa kanaphulika chifukwa cha mafinya, kukankha kuja kunatha nde ululu unatha. Mafuta sanakoke kanthu.

Apa mpamene zinalakwika. Poona kuti mafinya sakusiya, anayamba kufinyiramo masamba ena omwe mayi wina wa kutchalitchi anabweretsa, nkumatseka ndi thonje kuti ntchentche zisamatere, thonjelo limakhala tsiku lonse litanyowa. Ine ndinafika patatha masabata atatu, fungo lake ndinalimva ndisanamunyamule nkomwe. Ukamuitana uli kumanja kwake samatembenuka, achemwali nkumati wayamba mwano. Ndinawauza kuti achemwali, uyu si mwano, tiyeni mawa. Kuchipatala anafunsa funso limodzi loyamba, mafinya ayamba liti. Chifukwa pa ndondomeko yomwe amatsata pa ana osakwana zaka zisanu, malire ndi masiku 14. Osakwana pamenepo amawerenga kuti ndi matenda atsopano, amapereka amokisilini wakumwa masiku asanu ndi panado. Akafika masiku 14 kapena kuposa ndiye kuti lakhalitsa, mankhwala akumwa okha sathandiza kwenikweni, chofunika ndi kuumitsa khutu ndi madontho a kuchipatala monga siprofulokisasini kwa masabata awiri. Ife tinali tadutsa kale malirewo. Namwino anatulutsa tizidutswa tobiriwira takuda mmenemo, anangotiyang'ana osanena kanthu. Mafinya anasiya, koma kumva kunatenga nthawi kuti kubwerere, ndipo mpaka lero posamba timasamala kuti madzi asalowe.

Kuumitsa khutu kuja nde njira yomwe ndimafuna anthu aidziwe, chifukwa njaulere ndipo ndi yokhayo yomwe manja athu apanyumba angachite pa khutu la mafinya popanda kuwononga. Mumasamba m'manja, mumatenga tishu yolimba yosanyenyeka kapena kansalu koyera kofewa komwa madzi, mumapota kuchokera pakona kuti kakhale ngati chingwe cha koloboyi. Mumakoka khutu pang'ono chakumbuyo, kulowetsa kachingweko mofatsa osakankha, kusiya kamwe mafinya, kakanyowa kuchotsa nkuika kena, mpaka kotsiriza katuluke kouma. Katatu patsiku kapena kuposa. Osakulunga pa kamtengo ka machesi, osagwiritsa nthenga ya nkhuku, osasiya thonje lotsekera pakati pa nthawizo, khutu lizipuma mpweya. Ngati mwapatsidwa madontho, amalowa mukamaliza kuumitsa, chifukwa mukathira pamwamba pa mafinya amangoyandama nkutuluka. Mwana agone chammbali mphindi zingapo, mudinize pang'onopang'ono kanyama kali kutsogolo kwa bowo kaja kuti mankhwala atsike. Posamba, kathonje kopaka vaselini pakhomo pa khutu, mukatha muchotse. Kusambira kumtsinje kapena kunyanja kuyambe kwaima.

Mwina wina afunsa kuti nanga madontho a kuchipatala si kuthira komweko? Kusiyana kwake nkwakuti amene wakupatsaniyo waunika kaye, ndipo wasankha mtundu woyenera. Chifukwa ngakhale madontho a mu famase si onse abwino pa khutu lobooka. Ena okhala ndi jentamaisini kapena neyomaisini angathe kuwononga kumva akalowa mkati, makamaka akagwiritsidwa nthawi yaitali. Nde zobwereka kabotolo kotsala kwa aneba, kapena kugula kwa ogulitsa mankhwala pamsika amene botolo lake lakhala padzuwa, sizikusiyana kwambiri ndi zitsamba zija. Kutsegula kapisozi nkuthira ufa wake m'khutu nakonso ndimakuona, ufawo umaumbika ndi mafinya nkutseka njira.

Nanga usiku umene uja, mwana akulira, titani? Panado. Anthu amamuderera chifukwa ngotchipa koma pa ululu wa khutu amagwira kuposa chilichonse chomwe mungathire, poti amadutsa m'magazi nkukafika kuseri kwa chitseko kuja. Muyezo wake umatsata kulemera, mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse, maola 6 aliwonse, osapitirira kanayi patsiku. Mwana wa makilogalamu 17 ndiye kuti pafupifupi mamiligalamu 250, lomwe ndi theka la piritsi la akulu la 500. Kulemera kwake onani m'buku la kusikelo. Wamkulu amamwa awiri a 500, osaposa mapiritsi 8 pa tsiku lonse. Asipirini kwa ana ayi. Muonjezere kansalu kofunda kunja kwa khutu, mutu ukhale pokwererapo pogona, apitirize kuyamwa kapena kumwa madzi. Makutu ambiri a chimfine ululu umatsika pa masiku awiri kapena atatu, koma panado sachiza matendawo, amangokugulirani nthawi yoti kuche mupite akamuunike. Mwana wamng'ono, makamaka wosakwana zaka ziwiri, kapena khutu likangoyamba kutuluka mafinya, musadikire masiku atatuwo. Kumudzi alangizi a zaumoyo angakuuzeni koyenera kupita.

Akuluakulu nawo pali chomwe chimawapusitsa. Nthawi zambiri khutu la munthu wamkulu likamawawa vuto silikhala m'khutu, ndi dzino lobooka la kumapeto, zilonda zapakhosi, kapena polumikizira nsagwada, mitsempha yake njolumikizana nde ululu umamvekera kukhutu. Munthu amatha sabata akuthira adyo m'khutu labwinobwino pomwe dzino likuwola. Yesani kutafuna kapena kumeza, ngati ululu ukukwera pamenepo ganizirani za mkamwa. Ngati ukukwera mukakoka khutu kapena kudiniza kanyama kakutsogolo kaja, kawirikawiri ndi khungu la m'kabowo lomwe latupa, zomwe zimabwera ndi madzi olowa posamba komanso kutokosa ndi machesi, ndipo pakhungu lotupa kale palafini kapena anyezi nkuthira tsabola pabala. Wamkulu wosuta kapena womwa kwambiri amene khutu limodzi lakhala likuwawa masabata, mawu asasa kapena akuvutika kumeza, akapimitse pakhosi. Wa shuga kapena amene chitetezo chake chatsika asazengereze ndi khutu lowawa, kwa iwowa matenda a m'kabowo amatha kulowa m'fupa.

Pali zizindikiro zomwe sizidikira kucha. Kutupa kowawa kuseri kwa khutu, khutulo nkuoneka ngati lakankhidwira kutsogolo, ndiye kuti mafinya alowa m'fupa. Khosi kuuma, mutu kuwawa kwambiri, kusanza kosalekeza, kukomoka, mwana kungofooka osadzuka bwino, apa nkutheka kuti zakwera ku ubongo. Nkhope kupotoka mbali imodzi diso osatsinzina, si kuti wina wamuponyera, ndi mtsempha uja ndinanena kuti umadutsa mmenemo. Chizungulire champhamvu, kugontha mwadzidzidzi, nsagwada kuuma osatsegula pakamwa. Komanso khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, kaya ndi khutu kaya nchani. Ndipo poti kwathu kuno kutentha thupi timayamba taganiza malungo, mwana wotentha akayezetse magazi ngakhale akuloza khutu, ziwirizi zimatha kubwera pamodzi.

Ngati mwathira kale palafini kapena zina, musayese kutsuka ndi madzi kapena sopo kapena kupopera ndi sirinji, mungakankhire mkati. Pendeketsani mutu khutulo liyang'ane pansi pa kansalu kuti zituluke zokha, pukutani kunja kokha, mwetsani panado, nyamukani, ndipo chomwe munathiracho kachinenedwe ndi dzina lake komanso kuti kangati. Khutu likakhala loti mafinya amapita nkubwerera kwa miyezi, kapena kabowo ka pa kachikopa sikakutsekeka, pemphani kalata yokutumizani kwa madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi. Ku Gulupu ku Blantyre alipo, ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe nakonso, ndipo ku chipatala cha ABC ku Lilongwe kuli kiliniki yoyeza kamvedwe. Kachikopa kobooka chifukwa cha matenda atsopano kambiri kamadzitseka kokha pa masabata angapo ngati khutu lasungidwa louma, komwe kakana kamatheka kukonzedwa ndi opaleshoni. Mwana wa achemwali anga uja chaka chino wayamba sitandade 1, achemwali anakapempha aphunzitsi kuti azimukhazika kutsogolo, khutu lakumanzere litaloza ku bolodi.